Mafunso a mapu mu Jogalafe: yamba ndi kabokosi kamodzi

"Aphunzitsi, ndili Fomu 4 pasukulu ina yoyendera ku Ntcheu. Jogalafe ndimaikonda ndipo mafunso ofotokoza ndimakhoza, koma akangondiyalira mapu kutsogolo mutu umaima. Pa mayeso oyeserera ndinatembenuza manambala a giridi, msewu ndinaupeza wa makilomita 67 pomwe anzanga anapeza 6.7, beyaring'i ndinalakwa, ndipo mtsinje ndinauyendetsa chokwera phiri. Pasukulu pathu mapu enieni ndi ochepa, timaphunzirira ofotokopa. Ndiyambire pati mayeso a MSCE asanafike?"

Mwanawe, mtima m'malo. Ndaphunzitsa Jogalafe zaka zambiri, ndipo zolakwa zinayi watchulazi ndimakumana nazo chaka ndi chaka, ngakhale m'mapepala a ana anzeru kwambiri. Chabwino chake n'chakuti gawo la mapu silifuna kuloweza manotsi ambirimbiri. Mayankho onse ali papepala lomwe akupatsalo, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chingakuuze, ukadali m'chipinda cha mayeso momwemo, kuti apa waphonya. Chinthucho ndi kabokosi kamodzi ka giridi, mizere ija yodutsanadutsana pamapu.

Mapu amene timagwiritsa ntchito kwambiri m'kalasi ndi aja a sikelo ya 1:50,000. Nambalayi ikunena kuti sentimita imodzi papepala ikuimira masentimita 50,000 pansi penipeni. Mu mita imodzi muli masentimita 100, ndiye masentimita 50,000 ndi mamita 500, theka la kilomita. Choncho masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi. Tsopano tenga rula uyeze kabokosi kamodzi pa timabokosi tija tadzaza pamapu. Upeza kuti mbali iliyonse ndi masentimita 2. Kabokosi kalikonse ndi malo a kilomita imodzi uku, kilomita imodzi uko. Ukagwira zimenezi, mapu onse asanduka rula yoyalidwa kale, ndipo yankho lililonse umatha kulifunsa kuti, kodi likugwirizana ndi timabokosi ndikuonati?

Kuti tisamangolankhula m'malere, tenga pepala ujambule mapu ongoyerekeza, tiziyenda nawo mpaka kumapeto. Jambula mizere yoimirira isanu ndi iwiri, yotalikirana masentimita 2, uilembe manambala kuyambira 62 kumanzere kulekeza 68 kumanja. Kenaka mizere yopingasa isanu ndi iwirinso, kuyambira 26 m'munsi kulekeza 32 pamwamba. Pamapu athuwa padzakhala sukulu, phiri, msewu ndi mtsinje.

Mizere yoimirira ija imatchedwa maisiting'i, chifukwa manambala ake amakula ukamapita kum'mawa. Yopingasa ndi manofing'i, manambala ake amakula ukamapita kumpoto. Potchula malo timayamba ndi isiting'i, nofing'i pambuyo. Ana anga ndimawauza kuti aganize za kuthyola mango. Umayamba wayenda pansi mpaka kufika patsinde, kenako n'kukwera. Chala chako chiyambe chayenda m'munsi mwa mapu kuchokera kumanzere kupita kumanja, chikapeza mzere woimirira womwe ukufuna, ndipamene chikwere.

Ika sukulu m'kabokosi kamene kali pakati pa mizere 63 ndi 64, komanso pakati pa 27 ndi 28. Kabokosi kamatenga dzina kuchokera pa ngodya yake ya m'munsi kumanzere, pomwe mzere wa kumadzulo kwake wakumana ndi mzere wa kummwera kwake. Ndiye sukuluyi ili mu 6327. Ukatembenuza n'kulemba 2763, mapu akutsutsa okha, chifukwa ukayang'ana m'munsi mulibe mzere woimirira wa 27, yonse ndi ya m'ma 60. Pa mapu ena manambala a mbali ziwirizi amakhala oyandikana, ndipo pamenepo chodalira ndi mango aja basi.

Akafuna manambala asanu ndi limodzi, akufuna malo enieni m'kati mwa kabokosimo. Mbali ya kabokosi uigawe pakhumi. Popeza ndi masentimita 2, gawo lililonse ndi mamilimita 2, omwe pansi ndi mamita 100. Tinene kuti kadontho ka sukulu kali mamilimita 8 kumanja kwa mzere 63. Amenewo ndi magawo 4, ndiye isiting'i yathu ndi 634. Kadontho komweko kali mamilimita 4 pamwamba pa mzere 27, magawo 2, nofing'i ndi 272. Yankho ndi 634272. Apa pali dzenje lomwe ambiri amagweramo. Amalemba 6327 uja, kenaka n'kuphatika 4 ndi 2 kumapeto, kutuluka 632742. Nambala imeneyo ikuloza kutali kunja kwa mapu athu. Nambala yowonjezera iliyonse ikhale pafupi ndi mwini wake, atatu oyamba a isiting'i, atatu otsiriza a nofing'i. Ndipo chinthu chikakhala pamzere penipeni, monga pa 65, usasiye mpata, lemba 650.

Ikanso nsonga ya phiri pa 664312. Ipeze wekha: mamilimita 8 kumanja kwa 66, mamilimita 4 pamwamba pa 31.

Tsopano mtunda. Akafunsa mtunda wowongoka kuchokera pasukulu kufika pansonga ya phiri, ika rula pa madontho awiriwo. Ngati wajambula bwino upeza masentimita 10. Pa sikelo iyi umangogawa pawiri, ndiye makilomita 5. Usanalembe, werenga timabokosi. Kuchokera pasukulu wayenda titatu kupita kum'mawa ndi tinayi kupita kumpoto. Njira yodutsa mopingasa singachepere makilomita 4, ndiponso singapose makilomita 7, omwe ukanayenda ukanatsata mizere ya giridi. Ndiye 5 akukhala bwino pakatipo.

Msewu kapena mtsinje wokhotakhota suyezedwa ndi rula mwachindunji. Ena amagwiritsa ntchito ulusi, koma ine ndimakonda m'mphepete mwa pepala lowongoka, chifukwa ulusi umatamuka ndiponso umaterereka zala zikachita thukuta. Ika ngodya ya pepala poyambira. Litsatitse kachigawo koyamba kowongoka ka msewu, ndipo pomwe msewu wayamba kukhota ulembe kachizindikiro ndi pensulo yosongoka. Nsonga ya pensuloyo ikhale chikanikizire pomwepo, uzungulize pepala mpaka ligonenso pamsewu, upitirize chomwecho mpaka kumapeto. Ukatha uyeze kuchokera pangodya kufika pachizindikiro chomaliza. Tinene kuti wapeza masentimita 13.4. Theka lake ndi makilomita 6.7.

Ndikuganiza kuti 67 wako uja anabadwira m'masamu ataliatali. Unachulukitsa 13.4 ndi 50,000 n'kupeza masentimita 670,000, ndipo mpaka apo unali bwino. Posintha kupita ku makilomita umayenera kugawa ndi 100,000, koma ziro mmodzi anakuthawa. Njira yaitaliyi uidziwebe, chifukwa nthawi zina amafuna kuona masamu ako, ndipo akakupatsa sikelo ina monga 1:250,000 kugawa pawiri kuja sikugwira. Koma ukapeza yankho, dzutsa mutu uyang'ane mapu. Makilomita 67 ndi pafupifupi ulendo wochokera ku Blantyre kukafika ku Zomba. Msewu wotero sungakwane m'mapu a timabokosi tisanu ndi kamodzi m'lifupi.

Nkhani ya mapu ofotokopa ndiyofunika tiimepo pang'ono, chifukwa yasokoneza ana ambiri osalakwa. Makina ofotokopera kawirikawiri amachepetsa mapu kuti akwane papepala. Zikatero mawu oti 1:50,000 amakhalapobe, koma sakunenanso zoona. Ndinaonapo kalasi yonse ikupeza makilomita 4 pomwe yankho linali 5, ana n'kumadziona ngati mbuli, vuto lili papepala. Ukalandira mapu aliwonse, choyamba yeza kabokosi. Kakakhala masentimita 2, zonse zili bwino. Kakakhala, tinene, masentimita 1.6, ndiye pa pepala limenelo kilomita ndi masentimita 1.6. Mzere wa sukulu ndi phiri uja utuluka masentimita 8, ndipo 8 kugawa ndi 1.6 ndi 5 yemwe uja. Sikelo yojambulidwa ngati rula m'munsi mwa mapu nayo imachepa limodzi ndi mapuwo, choncho ukhoza kuidalira. Ika pepala lako la zizindikiro lija pamenepo uwerenge makilomita mwachindunji.

Kukula kwa malo, monga nkhalango kapena esiteti, sikuvuta. Werenga timabokosi todzaza, kenaka tosadzaza utigawe pawiri, uphatikize. Todzaza 6 ndi tosadzaza 8 tikupatsa 6 kuphatikiza 4, masikweya kilomita 10.

Beyaring'i ndi madigiri osonyeza komwe malo ena ali kuchokera pomwe waima, kuwerengera kuyambira kumpoto. Pa mbali ndi beyaring'i, ambiri amalakwa asanagwire n'komwe pulotilakita. Amalakwa powerenga funso. M'funso lililonse lotere muli kamawu kotanthauza "kuchokera", ndipo malo amene atchulidwa pambuyo pa kamawuko ndi pomwe iweyo waima. Funso likati upeze beyaring'i ya phiri kuchokera pasukulu, phiri latchulidwa poyamba, koma iwe uli pasukulu ukuyang'ana phiri. Tseka mzere kunsi kwa kamawuko, ndipo pamalo waimapo ujambulepo kamtanda ndi pensulo.

Kamtandako kajambulidwe motsata mizere ya giridi, mzere woimirira uloze pamwamba pa mapu, komwe ndi kumpoto. M'mphepete mwa mapu mumakhala timivi tosonyeza kumpoto kwenikweni, kumpoto kwa giridi ndi kumpoto komwe kampasi imaloza. Timasiyana pang'ono, koma funso likapanda kutchula kwina, tsata mizere ya giridi. Lumikiza sukulu ndi phiri ndi mzere wowongoka, wautali ndithu kuti utulukire kunja kwa pulotilakita. Pakati pa pulotilakita pakhale pasukulu, ziro akhale pamzere wa kumpoto uja. Werenga motsata momwe mivi ya wotchi imayendera, kuchokera kumpoto kutsikira kumanja. Upeza madigiri 37, ndipo beyaring'i imalembedwa ndi manambala atatu, 037°. Akafunsa mbali chabe, phirili lili kumpoto chakum'mawa kwa sukulu.

Pulotilakita ili ndi mizere iwiri ya manambala, wina woyambira uku wina woyambira uko. Wowerenga mzere wolakwika amapeza 143°. Woika ziro pamzere wopingasa amapeza 053°. Timabokosi tija tikupulumutsanso apa. Phiri lili kumpoto ndi kum'mawa, ndiye yankho liyenera kukhala pakati pa 0 ndi 90, ndipo 143 wagwa kale. Wakwera timabokosi tinayi koma wapita kumbali titatu tokha, ndiye mzere wako wapendekera kwambiri kumpoto, suyenera kufika 45. Pamenepo 53 wagwanso. Akatembenuza funso kuti upeze sukulu kuchokera paphiri, waima paphiri ukuyang'ana kummwera chakumadzulo. Wonjezera 180 pa 37, yankho ndi 217°. Lamulo lake ndi lakuti beyaring'i yochepera 180 umawonjezera 180, yoposa 180 umachotsa 180.

Makontuwa ndiwo amaopsa ana kwambiri, komatu iwe wa ku Ntcheu unawaona kale ndi maso. M'minda ya m'mapiri alangizi amaphunzitsa anthu kukhoma akalozera, mizere ija imazungulira phiri osakwera osatsika, n'kubzalamo udzu wa vetiva kuti madzi asakokolole nthaka. Ukayenda pa kalozera mmodzi kuyambira uku mpaka uko, sukwera ndipo sutsika. Kontuwa ndi chomwecho: mzere wolumikiza malo onse okwera mofanana kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Kusiyana kwa kukwera pakati pa mzere ndi unzake n'kofanana paliponse pamapu amodzi, ndipo kumalembedwa m'mphepete. Kumeneko uyang'aneko usanayankhe chilichonse, uonenso ngati ndi mamita kapena mafiti, chifukwa mapu akale ambiri a dziko lathu analembedwa m'mafiti.

Pamapu athu tinene kuti mizere ikusiyana ndi mamita 20. Kontuwa ya 1,100 ikudutsa pasukulu penipeni. Pansonga ya phiri pali kachizindikiro ka makona atatu kolembedwa 1,350. Kontuwa yomaliza kuzungulira nsongayo ndi ya 1,340, chifukwa yotsatira, ya 1,360, phirilo silinafikeko. Si mizere yonse imalembedwa manambala. Umapeza wolembedwa, kawirikawiri wonenepa kuposa inzake, n'kumawerenga m'modzim'modzi, kuwonjezera 20 ukamakwera, kuchotsa 20 ukamatsika.

Mizere ikathithikana, malowo ndi otsetsereka kwambiri, chifukwa ukukwera mamita 20 pakamtunda kakafupi. Ikatalikirana, malowo ndi athyathyathya. Mapu a Zomba amaonetsa izi bwino zedi. M'mbali mwa phiri mizere imathinana ngati tsitsi lopesa, pamwamba paphiripo n'kumasuka, ndipo ukatsikira kuchigwa cha nyanja ya Chilwa umayenda timabokosi tingapo osakumana ndi kontuwa. Akafunsa chifukwa chake msewu wakhotakhota pamalo ena, yang'ana makontuwa pansi pake. Msewu wa Golodi wokwera kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia uli ndi makona ambirimbiri chifukwa ukudula makontuwa chopendekera, pang'onopang'ono, kuti galimoto ithe kukwera. Msewu wotsika kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa nawonso n'chimodzimodzi.

Za mtsinje uja unauyendetsa chokwera. Ana ambiri amaganiza kuti madzi amatsikira m'munsi mwa pepala, mwina chifukwa Shire amapitadi kummwera. Koma m'munsi mwa pepala ndi kummwera chabe, si kotsika. Linthipe amachokera ku Dedza kupita chakumpoto asanakathire m'nyanja ku Salima, ndipo Bua amapita kumpoto chakum'mawa kukathira ku Nkhotakota. Chokuuza komwe madzi akupita ndi makontuwa. Pomwe kontuwa ikuwoloka mtsinje imapindika ngati mutu wa muvi, ndipo nsonga ya muviwo imaloza kumtunda, komwe madzi akuchokera. Chifukwa chake n'chosavuta. Mtsinje unakumba chigwa, ndiye munthu woyenda pa kalozera akafika pachigwapo ayenera kulowera chakumtunda kwa mtsinje kuti asatsike, awoloke, n'kubwereranso tsidya linalo. Kuti utsimikize, peza makontuwa awiri owoloka mtsinje womwewo. Wina akakhala 1,160 wina 1,120, madzi akuchoka kwa 1,160. Timitsinje ting'onoting'ono natonso timathandiza, chifukwa nthawi zambiri timalowa mumtsinje waukulu titapendekera komwe madzi akupita. Uchenjere ndi msana wa phiri wotulukira kuchigwa. Nawonso umapanga mutu wa muvi, koma nsonga yake imaloza kotsika ndipo pakati pake sipakhala mzere wabuluu wa madzi.

Giradiyenti ndi pomwe zonse taphunzirazi zimakumana. Ikufunsa kuti pokwera mita imodzi, umayenda mamita angati kutsogolo. Umafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusiyana kwa kukwera: 1,350 kuchotsa 1,100 ndi mamita 250. Chachiwiri ndi mtunda, makilomita 5 aja. Ziwirizi zikhale mu muyeso umodzi, ndiye makilomita 5 asanduke mamita 5,000. Tsopano ika 250 pamwamba, 5,000 pansi, ugawe zonse ndi 250. Pamwamba patsala 1, pansi 20. Giradiyenti ndi 1:20, kutanthauza kuti pa mamita 20 alionse ukukwera mita imodzi. Woiwala kusintha makilomita amagawa 250 ndi 5 n'kupeza 50, ngati kuti sukulu ili patsinde pa khoma.

Mapu akakhala a mafiti pamafunika sitepe imodzi yowonjezera. Fiti imodzi ndi pafupifupi mamita 0.3048. Kusiyana kwa kukwera kukakhala mafiti 500, amenewo ndi mamita 152 pafupifupi, ndipo 5,000 kugawa ndi 152 ndi pafupifupi 33, ndiye 1:33. Wosasintha mafiti amapeza 1:10, phiri n'kuoneka lotsetsereka katatu kuposa momwe lilili. Kumbukiranso kuti nambala yachiwiriyo ikamachepa, chitunda chikukula: 1:5 ndi chikweza chowawa kuposa 1:20.

Chinthu china chomwe ndimafuna ana anga amvetse n'chakuti 1:20 uja ndi wa ulendo wonse, sakukuuza momwe miyendo idzamvere. Mwina pa makilomita 4 oyamba makontuwa ndi atatu okha, wakwera mamita 60. Mamita 190 otsalawo ali m'kilomita yomaliza, pomwe giradiyenti ndi pafupifupi 1:5. N'chifukwa chake amafunsa kujambula chithunzi cha malowo ngati wadula phiri pakati n'kuliyang'ana cham'mbali. Umagoneka m'mphepete mwa pepala pamzere wa malo awiriwo, kulemba pomwe kontuwa iliyonse yakhudza pamodzi ndi nambala yake, n'kusamutsira madonthowo pa girafu. Polumikiza usagwiritse rula, dzanja liyende mofewa, ndipo pansonga mzere upitirire pang'ono kontuwa yomaliza, usaphwathalale. Chithunzi chomwechi chimayankhanso funso loti kodi munthu ali pasukulu angaone malo ena. Lumikiza malo awiriwo ndi rula pachithunzipo. Nthaka ikatulukira pamwamba pa mzerewo penapake, sakuonana.

Masiku otsalawa uwagwiritse ntchito motere. Pempha aphunzitsi ako a Jogalafe akubwereke mapu enieni amitundumitundu, ngakhale kwa ola limodzi mu laibulale kapena m'ofesi mwawo. Izi n'zofunika chifukwa pa ofotokopa mtsinje, njira ndi kontuwa zonse zimatuluka zakuda, pomwe pamayeso udzafunika kuzolowera kuti madzi ndi abuluu, makontuwa ndi ofiirira, ndipo kiyi ya zizindikiro ili m'mphepete. Khalani awiri ndi mnzako. Wina atchule manambala asanu ndi limodzi, wina anene chomwe chili pamenepo. Kenaka musankhe malo awiri, aliyense payekha apeze mtunda, beyaring'i ndi giradiyenti, mufananize. Mukasiyana pang'ono, monga digiri imodzi kapena mamita 100, ndi nsonga ya pensulo chabe. Mukasiyana kwambiri, bwererani ku timabokosi muone yemwe akutsutsana nato. Pomwe nonse mwakanika kugwirizana ndipamene muyenera kupita kwa aphunzitsi, mutanyamula masamu anu onse, kuti aone sitepe yeniyeni yomwe yaphonyeka. Uwapemphenso mapepala a mayeso a MANEB a zaka zapitazo pamodzi ndi mapu ake, uzolowere kafunsidwe kake m'Chingerezi.

Pomaliza ndikufunse za maso. Manambala a makontuwa ndi aang'ono kwambiri. Ngati amakuonekera mbuu, kapena mutu umapweteka ukayang'anitsitsa mapu mphindi zochepa, kapenanso mizere yofiira, yofiirira ndi yobiriwira imakuonekera yofanana, uwauze aphunzitsi ndi makolo, ukayezetse maso kuchipatala mayeso akadali kutali. Ndinali ndi mnyamata wina amene masamu ake anali olondola nthawi zonse koma amawerenga 1,180 pomwe palembedwa 1,160. Atapeza magalasi, mafunso a makontuwa anasiya kumuvuta. Pa tsiku la mayesolo udzanyamule rula yoonekera mkati, pulotilakita yosafufutika manambala, mapensulo awiri osongoka bwino ndi labala.